Mame obisika mkati mwa khoma

Nyumba zambiri zatsopano ku Sikotilandi, ndi zina ku Mangalande, ukaziona kunja ungati ndi zanjerwa. Njerwazo ntchito yake ndi kutchinga mvula basi. Chimene chanyamula denga ndi mafulemu a matabwa, ndipo pakati pa matabwawo amapakiramo thonje lopangidwa ndi miyala kapena galasi losungunula, kuti kutentha kwa m'nyumba kusathawire panja nyengo yozizira. Khoma lotere limapulumutsa ndalama zambiri za gasi ndi magetsi. Koma likamangidwa molakwika limawolera mkati, penti ali mbee, eni nyumba osadziwa kanthu zaka ndi zaka. Madzi owoletsawo sachokera kumvula. Amachokera m'nyumba momwemo: mumphika wowira, m'bafa, pa zovala zoyanika m'chipinda, ndi mu mpweya wa anthu ogona.

Amene anagonapo m'nyumba yamalata yopanda siling'i mwezi wa Juni akudziwa madontho amene amagwa m'bandakucha kunja kulibe mtambo. Mpweya wofunda umanyamula nthunzi yambiri, wozizira umanyamula yochepa. Mpweya wa m'nyumba ukakhudza lata lozizira umalephera kusunga nthunzi yonse, ndipo yotsalayo imasanduka madzi. Pa lata madziwo amaoneka, ndipo dzuwa likatuluka amauma. M'khoma lokhala ndi thonje, malo ozizira aja asamukira mkati, kuseri kwa thonjelo, kumene diso silifika ndipo mphepo siiwomba. Thonjelo likamachindikala, malowo amazizira kwambiri, chifukwa kutentha kwa m'nyumba sikuwafikiranso.

N'chifukwa chake wojambula nyumba amayenera kuwerengera khoma lisanamangidwe. Njira yodziwika kwambiri anaikonza ndi injiniya wa ku Jeremani, Helmut Glaser, m'zaka za 1958 ndi 1959, pofufuza makoma a zipinda zoziziritsira katundu. Lero njirayi ili mu muyezo wa ISO 13788. Imafunsa mafunso awiri pamalo aliwonse pamene zinthu ziwiri zakumana m'khoma. Pamenepa pazizira bwanji, ndipo mpweya wozizira chotero ungasunge nthunzi yochuluka bwanji? Nanga nthunzi imene ikufika pamenepa ndi yochuluka bwanji? Yofikayo ikaposa yomwe mpweya ungasunge, pamenepo pagwa mame.

Tiyeni titenge khoma limodzi tiliyende kuchokera m'chipinda kupita panja. Poyamba pali bolodi ya jipisamu ya mamilimita 12.5, yomwe amapakapo penti. Kuseri kwake kuli thonje la mamilimita 140. Kenako bolodi ya zidutswa za matabwa zomatidwa ndi guluu, ya mamilimita 11, yokhomedwa pa fulemu kuti khoma lilimbe. Pamwamba pa bolodiyo pali nsalu yopyapyala yotchinga madontho koma yolola nthunzi kudutsa, kenako mpata wopita mphepo, pomaliza njerwa. M'chipinda muli madigiri 20 ndipo chinyezi chili pa 60 peresenti, monga zimakhalira m'nyumba yokhala anthu angapo mazenera ali otseka. Panja pali madigiri 0 ndi chinyezi cha 90 peresenti. Januwale wa ku Mangalande nthawi zambiri safika pamenepo mwezi wonse, koma masiku otere alipo, ndipo nambala zake zimaonetsa bwino nkhaniyo.

Funso loyamba ndi losavuta. Chinthu chilichonse chili ndi mphamvu yake yokana kutentha, yomwe amailemba ndi chilembo R. Jipisamu uja ali ndi 0.05, bolodi yamatabwa 0.09, mpweya wokhudza khoma mbali iliyonse 0.13, koma thonje lili ndi 4.0. Zonse pamodzi ndi 4.4. Madigiri 20 osiyanitsa mkati ndi kunja amagawika potsata nambalazi, choncho thonje lokha limadya madigiri 18. Kuseri kwa jipisamu kuli madigiri 19, koma pamene thonje lakhudza bolodi yamatabwa pali digiri imodzi yokha. Bolodiyo ili m'kati mwa khoma, komatu yazizira pafupifupi ngati ili pabwalo.

Nthunzi amaiyeza ndi mphamvu yomwe imakankhira, m'mapasikalo. Pa madigiri 20 mpweya ungasunge nthunzi mpaka mapasikalo 2,337, ndiye 60 peresenti yake ndi 1,402. Nambala imeneyi ndi malire a mpweya wa madigiri 12, kutanthauza kuti mpweya wa m'chipindachi ukakhudza chinthu chozizira kuposa madigiri 12 uyamba kusiya madzi. Panja pali mapasikalo 550 okha. Nthunzi imayenda kuchoka komwe yachuluka kupita komwe yachepa, ndipo imadutsa m'timipata ta jipisamu ndi thonje ngakhale khoma litapanda mng'alu. Pa bolodi yathu ya digiri imodzi, malire ndi mapasikalo 656.

Funso lachiwiri limafuna nambala ina, yotchedwa sd. Imanena kuti chinthucho chimachedwetsa nthunzi ngati mpweya wongokhala wa mamita angati. Apa ndi pamene anthu ambiri amadabwa. Thonje lija, ngwazi yotchinga kutentha, pa nthunzi silichita kanthu: nambala yake ndi mamita 0.14, chimodzimodzi mpweya wamba. Jipisamu ali ndi pafupifupi 0.13. Bolodi yamatabwa ndi nsalu yake, malinga ndi matebulo omwe mainjiniya amagwiritsa ntchito, zili ndi 0.57, ndipo mabolodi ena amaposa pamenepo. Ndiye kuti chotchinga chachikulu cha nthunzi chili kumbali yozizira. Ukawerengera, nthunzi yofika pa bolodiyo ikanakhala pa mapasikalo 1,130, pamene malire ndi 656. Mame agwa.

Agwa ochuluka bwanji? Njira ya Glaser imayankhanso. Nthunzi yolowa kuchokera m'chipinda imaposa yotuluka kudzera m'bolodi kakhumi ndi kasanu, ndipo yotsalira ndi magalamu pafupifupi 45 pa sikweya mita iliyonse tsiku lililonse. Magalamu 45 ndi masupuni aakulu atatu, munthu angaseke. Koma kuzizira kotere kukagwira masiku 30, amakwana makilogalamu 1.4. Bolodi ya mamilimita 11 imalemera makilogalamu 7 pa sikweya mita, choncho yalandira madzi olemera gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwake, kuwonjezera pa chinyezi chomwe inali nacho kale. Thabwa likakhalitsa ndi chinyezi choposa 20 peresenti limakhala pa ngozi yowola, ndipo nkhungu imayamba kale lisanafike pamenepo. Muyezo uja umauza wowerengera kuti abwereze masamuwa mwezi ndi mwezi chaka chonse, aone ngati madzi osonkhana nyengo yozizira adzauma onse nyengo yotentha. Akapanda kuuma, chaka chamawa chimayambira pa ngongole ya chaka chino.

Mankhwala ake ndi otchipa modabwitsa. Pakati pa jipisamu ndi thonje, kumbali yofunda, amayala pepala la pulasitiki. Lochindikala mamilimita 0.15 lili ndi sd ya mamita 50. Ukabwereza masamu, nthunzi yofika pa bolodi yamatabwa imatsika kufika mapasikalo 560, pansi pa malire aja a 656, ndipo yochepa yomwe yadutsa imatulukira panja mosavuta. Amisiri ali ndi lamulo lapakamwa loti mbali yofunda ikane nthunzi kasanu kuposa mbali yozizira. Ndi lamulo labwino poyambira, koma pa khoma lathuli ndi nyengo imeneyi masamu akufuna kasanu ndi kawiri, mamita 4 osachepera. Ine ndingakhulupirire masamu.

Pepala lomwelo likaikidwa kunja kwa thonje, zinthu zimaipiratu, chifukwa nthunzi yonse imakathera pamalo ozizira popanda potulukira. Likaikidwa mbali zonse ziwiri, monga amachitira ena poganiza kuti akulimbitsa chitetezo, madzi alionse olowa m'khoma, kaya matabwa anakhomedwa ali anyowa kaya paipi yadontha, amatsekeredwa mmenemo.

Komabe masamu a Glaser ali ndi polekezera. Amaganiza kuti nthunzi ikuyenda mwakachetechete m'khoma lopanda bowo. Sawerengera mvula yowombedwa ndi mphepo, dzuwa lowotcha njerwa zonyowa n'kukankhira nthunzi mkati, kapena madzi omwe thabwa ndi njerwa zimayamwa n'kusunga. Pa makoma akale a njerwa zokhazokha omwe akuikidwa thonje mkati, mainjiniya amatembenukira ku mapulogalamu ngati WUFI, wa bungwe la Fraunhofer ku Jeremani, amene amawerengera ola ndi ola ndi nyengo yeniyeni ya malowo.

Chachikulu chomwe masamuwo saona ndi mpweya wodutsa pa mabowo. Wamagetsi akabwera kudzaika soketi, amacheka jipisamu ndi pulasitiki pamodzi, ndipo kawirikawiri palibe amene amabwerera ndi tepi. Mpweya wofunda wa m'chipinda umalowa pamenepo wathunthu, ndi nthunzi yake yonse, n'kukagunda bolodi ya digiri imodzi. Bowo limodzi lotere lingalowetse madzi oposa omwe angadutse m'pepala la khoma lonse. Omanga osamala amalumikiza mapepala mopitirirana n'kumata ndi tepi, amamata mozungulira mazenera ndi mapaipi, ndiponso amasiya kampata pakati pa pulasitiki ndi jipisamu kuti mawaya adutsemo osaboola kanthu. Nyumba ikatha amamangirira chikupizo chachikulu pakhomo, n'kupopa mpweya mpaka mkati ndi kunja zisiyane ndi mapasikalo 50, kenako amayenda ndi kautsi kufufuza podontha.

Khoma likadwala kale, zizindikiro zimachedwa. Pa soketi pamatuluka fungo lachinyontho, mitu ya misomali imachita dzimbiri n'kuonekera pa penti, ndipo m'munsi mwa khoma mumada chifukwa madzi amatsetsereka kukasonkhana pa thabwa lapansi. Wofufuza amaboola pang'ono n'kubaya thabwa ndi kachipangizo ka mano awiri koyeza chinyezi. Akatsegula, maonekedwe amamuuza gwero. Madzi amvula amasiya mzere wotsika kuchokera pa zenera kapena pa denga. Mame amanyowetsa nkhope yamkati ya bolodi paliponse, makamaka pa khoma loyang'ana kumpoto lomwe kumaiko amenewo siliwombedwa dzuwa, ndipo amakula nyengo yozizira.

Kwathu kuno nkhani imatembenuka. Tiyerekeze tsiku la dzinja ku Nsanje kapena ku Tete, kunja madigiri 30 ndi chinyezi cha 70 peresenti. Nthunzi yake ili pa mapasikalo pafupifupi 2,970, ndipo mame amayamba pa madigiri 24. Chipinda cha hotela choziziritsidwa ndi makina kufika madigiri 22 chili kale pansi pa malirewo, osanenanso chipinda chosungira nsomba kapena katemera. Apa nthunzi ikuchokera panja kulowa mkati, ndiye mbali yofunda ndi yakunja, ndipo chotchinga nthunzi chiyenera kukhala kunja kwa thonje. Pulani yokopera ku Ulaya ikatsatidwa osawerengeranso, pulasitiki imakhala kumbali yozizira, ndipo madzi amasonkhana kuseri kwake, pakati pa pepalalo ndi thonje.