Deresi limene linagawanitsa anthu: maso alandira, ubongo umasulira

Mu February 2015 chithunzi cha deresi lina chinayambitsa mkangano padziko lonse. Chinajambulidwa ku Britain ndi munthu amene ankakonzekera ukwati, ndipo chitafika pa intaneti anthu anagawikana. Ena ankalumbira kuti deresilo ndi loyera la mizere yagolide, ena kuti ndi labuluu la mizere yakuda. Mwamuna ndi mkazi wake ankayang'ana foni imodzimodzi, nthawi imodzimodzi, koma osagwirizana. Kampani ya Roman Originals, imene inkagulitsa deresilo, inatsimikiza kuti ndi labuluu ndi lakuda, komabe amene ankaliona loyera anapitiriza kuliona loyera.

Palibe amene ankanama, ndipo maso a anthuwo sanali odwala. Nkhani yagona pakuti kuona ndi ntchito ziwiri. Yoyamba ndi kulandira: kuwala kumalowa m'diso n'kukagwera pa retina, kachikopa kopyapyala ka kumbuyo kwa diso. Pamenepo pali maselo amitundu itatu ozindikira mitundu, amene amasandutsa kuwalako kukhala uthenga woyenda m'mitsempha. Ntchito yachiwiri ndi kumasulira, pamene ubongo umagamula kuti uthengawo ukutanthauza chiyani. Pa deresi lija, ntchito yoyamba inali pafupifupi yofanana kwa aliyense. Kusiyana kunabwera pa yachiwiri.

Ubongo uli ndi vuto limene diso silingauthetsere. Kuwala kofika pa retina ndi kosakanikirana: muli mtundu wa chinthucho komanso mtundu wa kuwala kumene kukuchiunikira. Malaya oyera oyanikidwa pamthunzi amabweza kuwala kotsamira ku buluu, chifukwa akuunikiridwa ndi thambo. Malaya omwewo pafupi ndi nyali yaparafini amabweza kuwala kwachikasu. Komatu mwini wake amawaona oyera konseko, poti ubongo umayerekezera mtundu wa kuwala kumene kulipo n'kuuchotsera. Hermann von Helmholtz, wasayansi wa ku Germany wa m'zaka za m'ma 1800, anafotokoza kuti ubongo umachita kuyerekezera kotereku mwini wake asakudziwa. Akatswiri a masiku ano amati ndi kumasulira kochokera pamwamba kutsika pansi, kutanthauza kuti zimene munthu anazolowera ndi zimene akuyembekezera zimaumba zimene akuona.

Chithunzi cha deresi chinajambulidwa moipa, chowala mopitirira, ndipo sichinkasonyeza bwino kumene kuwala kukuchokera. Timadontho take tikayezedwa pakompyuta, timapezeka kuti ndi tabuluu wotuwa ndi tabulauni. Ubongo umene waganiza kuti deresilo lili pamthunzi umachotsa buluu, poyesa kuti ndi wa mthunziwo. Zikatero buluu wotuwa uja amasanduka woyera, bulauni n'kukhala golide. Ubongo umene waganiza kuti deresilo laombedwa ndi kuwala kwamphamvu kwachikasu, ngati kwa mababu a m'sitolo, umachotsa chikasucho. Apa buluu amakhwima, bulauni n'kuda bii. Uthenga ndi umodzi, koma mayankho atuluka awiri.

Chaka chomwecho Bevil Conway ndi anzake ku America anafunsa anthu 1,401. Mwa anthu 100 alionse, 57 anaona buluu ndi wakuda, 30 anaona woyera ndi golide, ndipo 11 anaona buluu ndi bulauni. Chosangalatsa kwambiri n'chakuti ofufuzawo ataika deresilo m'zithunzi zosonyeza poyera mtundu wa kuwala, anthu ambiri anagwirizana pa mitundu yake. Mu 2017 Pascal Wallisch wa pa Yunivesite ya New York, atafunsa anthu oposa 13,000, anapeza kuti okonda kulawirira m'mamawa, amene amakhalitsa m'kuwala kwa dzuwa, ankapendekera ku woyera ndi golide kuposa ogona mochedwa. Kupendekerako kunali kochepa, choncho si lamulo la munthu aliyense.

Mphamvu imeneyi ili ndi malire ake. Ubongo sungopeka chilichonse. Umasankha pakati pa matanthauzo amene uthenga wa m'diso ukulola, n'chifukwa chake mkangano sunali wa deresi lofiira kapena lobiriwira. Ndiponso kungouzidwa zoona sikukwanira kusintha zimene munthu akuona, chifukwa kuyerekezerako kumachitika maganizo asanalowererepo.

Aliyense angadziyesere yekha. Atenge pepala, aboole kabowo kakang'ono, aliike pachithunzicho kuti kaoneke kachigawo kamodzi kokha ka nsaluyo. Zozungulira zikabisika, ubongo umasowa poyerekezera, ndipo chimene chinkaoneka choyera chimaoneka chabuluu wotuwa. Amayi amene amatuluka ndi chitenje panja pa sitolo kuti akachione padzuwa asanalipire amachita bwino, chifukwa kuwala kwa mababu ena kumasokoneza mitundu moti ubongo sungathe kuikonza yonse.