Uthenga wafika koma ndalama sizinalowe: msampha wa “ndatumiza zopitirira”

Tiyerekeze mayi wina wa ku Karonga amene amagulitsa mpunga wa Kilombero ndipo amaulengeza pa WhatsApp. Munthu wosamudziwa akumuimbira, agwirizana mtengo wa K45,000, ndipo wogulayo akuti alipira pa foni. Pasanathe mphindi zisanu uthenga ukulowa wonena kuti mayiyo walandira K145,000. Nthawi yomweyo foni ikulira. “Mayi, pepani kwambiri, chala chaphonya. Ndatumiza zopitirira, ndipo ndalama zotsalazo ndi za mankhwala a mwana amene ali m’chipatala. Chonde chotsani zanu, mundibwezere K100,000 pompano.” Mayiyo anali kale ndi K180,000 mu akaunti yake, choncho akutumiza popanda chovuta. Madzulo akupeza kuti watsala ndi ndalama zosakwana K80,000. Palibe tambala imene inalowa, ndipo zimene ankati akubweza zinali zakezake.

Kuba kumeneku kwakhazikika pa chinthu chimodzi chokha: ambirife timakhulupirira uthenga ngati kuti ndiwo ndalama. Komatu uthenga ndi mawu chabe, ndipo aliyense angathe kuulemba. Wakuba amatenga uthenga weniweni wa Airtel Money kapena Mpamba, n’kusintha dzina, tsiku ndi kuchuluka kwa ndalama, kenako n’kuutumiza kuchokera pa simukhadi yake. Ena amatumiza chithunzi cha risiti ya banki chimene achikonza pa foni. Safunika kuthyola akaunti yanu, chifukwa inuyo ndi amene mumatumiza ndalamazo ndi nambala yanu yachinsinsi.

Mmene mungauzindikirire

Choyamba, yang’anani kumene uthengawo wachokera. Uthenga weniweni umabwera ndi dzina la kampani, ndipo umagwera pamodzi ndi mauthenga ena akale a ndalama. Wabodza nthawi zambiri umachokera pa nambala wamba yoyamba ndi 088 kapena 099, ndipo umakhala paokha. Koma dzina lokha lisakukhutiritseni. Pali akuba amene amafika pa okala kapena pa benchi ya ejenti, n’kubwereka foni ngati akufuna kulembamo nambala yawo, kenako n’kuisunga ndi dzina la kampani. Akatumiza uthenga wawo, foni imaonetsa dzina lija. Mukalitsegula dzinalo n’kupeza nambala ya munthu pansi pake, dziwani kuti ndi chinyengo.

Chachiwiri, werengani balansi imene yalembedwa kumapeto kwa uthengawo. Wakuba sadziwa ndalama zimene muli nazo, ndiye amangolota kapena amasiya osalemba. Mayi wa mpunga uja akanalandiradi K145,000 pamwamba pa K180,000, balansi yake ikanakhala K325,000. Uthenga ukanena zina, masamuwo aulula bodza.

Komabe njira yosaphonya ndi yofunsa nokha. Dulani foni, imbani *211# ngati muli pa Airtel Money kapena *444# ngati muli pa Mpamba, muone balansi ndi mndandanda wa ndalama zimene zalowa posachedwa. Ngati ndi za ku banki, tsegulani akaunti yanu pa foni yanu. Chithunzi chimene wakutumizirani wogula si umboni. Kufunsaku kumatenga mphindi imodzi, ndipo n’chifukwa chake wakuba salola kuti mudule foni. Amalira, amachonderera, amatchula maliro kapena wodwala, ndipo zikakanika amaopseza kuti akukaneneza kupolisi. Akudziwa kuti Mmalawi safuna kutchedwa wodya za eni. Akuluakulu adati chifundo chidapha nkhwali. Munthu amene walakwitsadi angathe kudikira mphindi zisanu, pomwe wakuba sangadikire.

Nanga ndalama zikalowadi?

Apa ndi pamene anthu ochenjera omwe amakodwa. Nthawi zina balansi imakweradi, koma ndalamazo zachokera mu akaunti yobedwa, kapena kwa munthu wina amene wapusitsidwa kuti atumize pa nambala yanu. Woimbayo amakupemphani kuti mubweze pa nambala ina, ponena kuti yoyamba ndi ya ejenti kapena kuti foni yake yazima. Mukatero, mwini wake weniweni akadandaula ku kampani, ndalamazo zingathe kugwidwa mu akaunti yanu, ndipo nambala imene ikuoneka kuti idalandira zakuba ndi yanu. Mumataya ndalama, n’kutsala ndi mafunso oti muyankhe.

Choncho ndalama zobwera molakwika musazidye, komanso musazibweze nokha. Muuzeni woimbayo mwaulemu kuti: “Bambo, imbani ku kampani kuti azibweze okha, ine ndikafunsidwa ndivomera.” Kampani imabweza ndalama kumene zidachokera, osati kwina. Inunso imbani ku nambala yothandizira makasitomala, mufotokoze zimene zachitika kuti zilembedwe.

Ngati mwatumiza kale

Ola loyamba ndilo lofunika kwambiri. Ndalama zikadali mu akaunti ya wakuba, kampani ingathe kuzimanga kuti zisatuluke. Akakazitapa kwa ejenti kapena kuzimwaza m’manambala ena, mwayi wozipeza umachepa kwambiri, ndipo akuba amachita zimenezi mofulumira. Ndiye musataye nthawi kumuimbira kuti mumukalipire, chifukwa mukungomuuza kuti athamange. Imbani ku kampani kapena ku banki nthawi yomweyo, usiku ndi usiku womwe, pogwiritsa ntchito nambala imene mukuidziwa kale, osati imene yabwera mu uthenga wokayikitsawo.

Poimba, khalani ndi zinthu zinayi m’manja: nambala imene mwatumizako, kuchuluka kwa ndalama, nthawi yake, ndi nambala ya malonda ija imene imalembedwa mu uthenga wotsimikiza kuti mwatumiza. Nenani momveka kuti mwaberedwa mwachinyengo, osati kuti mwangolakwitsa nambala, ndipo pemphani nambala ya dandaulo lanu muilembe penapake.

Musafufute chilichonse. Uthenga wabodza, macheza a pa WhatsApp ndi mndandanda wa mafoni amene adakuimbirani ndiwo umboni wanu. Jambulani zonse, mupite nazo kupolisi tsiku lomwelo kapena m’mawa mwake. Kuyambira 2018 masimukhadi ku Malawi amalembetsedwa ndi chiphaso, choncho nambala iliyonse ili ndi dzina kumbuyo kwake. Akuba ambiri amagwiritsa ntchito simukhadi zolembetsedwa ndi chiphaso cha munthu wina, kotero dzina limene laoneka potumiza musalimwaze m’magulu ngati la wakuba. Asiyireni apolisi, amene ali ndi njira yopemphera kampani kuti ionetse kumene ndalamazo zidatapidwa. Ngati kampani kapena banki ikuchedwa kukuyankhani, lembani kalata ya dandaulo, ndipo zikakanika pitani nalo ku Reserve Bank of Malawi, imene imayang’anira ntchito zotumiza ndalama.

Ngati munatchula nambala yanu yachinsinsi kapena manambala amene adabwera pa uthenga, sinthani nambala yachinsinsiyo musanachite china. Chenjeraninso ndi foni yachiwiri. Patapita maola kapena masiku, wina angaimbe ponena kuti ndi wa ku kampani kapena wapolisi, ndipo kuti ndalama zanu zapezeka, koma mulipire kangachepe kapena mutchule nambala yachinsinsi. Amenewa ndi akuba omwe aja. Kubweza ndalama sikufuna nambala yanu yachinsinsi, ndipo wogwira ntchito weniweni sangaifunse.

Pomaliza, ngati muli ndi wokugulitsirani pa shopu, kapena mwana amene amasunga foni ya bizinesi, muikireni lamulo lero: katundu asatuluke ndipo ndalama zisabwezedwe kufikira balansi itaonedwa pa foni yanu, ndipo foniyo isaperekedwe m’manja mwa kasitomala.