Dzina la gulu silifuna mawu ambiri

Tiyerekeze amayi ena ku Mchinji amene amagulitsa uchi ndi mtedza agwirizana kuti kopaletivi yawo izitchedwa Tadala. Wapampando akaimirira, asayambe ndi mbiri ya gulu, chifukwa anthu akudikira chinthu chimodzi basi.

Angonena kuti: “Amayi anzanga, munabweretsa maina atatu, tavota, ndipo lapambana ndi Tadala. Ndi lalifupi, likwana pabotolo la uchi ndi pathumba la mtedza.”

Kenaka athokoze eni maina amene agwa, powatchula mmodzimmodzi, poti kung'ung'udza kumayambira pamenepo. Awachenjezenso kuti asathamangire kusindikiza zomata pamabotolo: dzinalo liyambe lavomerezedwa ndi ofesi yolembetsa makopaletivi, chifukwa mwina gulu lina linalitenga kale.