Nkhomaliro ya alendo a ofesi imasankhidwira kukhitchini

Ntchito yopeza malo odyera alendo a kampani nthawi zambiri imagwera sekilitale kapena mnyamata amene wangolembedwa kumene. Abwana amangoti, "Tipezereni malo abwino Lachisanu masana," n'kutuluka. Wotumidwayo amaganiza za malo ozizira bwino, oimikapo magalimoto ndi mitengo ya pa menyu. Zonsezo n'zofunika, koma chimene chimasiya mlendo akungomwa madzi anzake akudya sichilembedwa pa menyu. Chili kukhitchini: nyama idachokera kuti, tchipisi chakazingidwa m'mafuta ati, ndipo mumsuzi mwalowa chiyani.

Tiyerekeze kampani ya ku Blantyre yogulitsa mapampu a madzi. Pa tebulo pakhala anthu asanu ndi mmodzi: mayi wa Chisilamu wochokera ku Mangochi amene akufuna kugula katundu, bambo wa mpingo wa Adiventisiti wochokera ku Thyolo, injiniya wa Chihindu wochokera ku Gujarat m'dziko la India, abwana eni ake amene ali ndi matenda a shuga, akauntanti amene thupi lake limadana ndi mtedza, ndi inu wokonza zonse. Tebulo lotere si lachilendo kuno. Kalembera wa 2018 adapeza kuti Asilamu ndi 13.8 peresenti ya anthu a m'dziko muno, ndipo Adiventisiti akhala ku Malamulo kuyambira 1902.

Musalote zimene munthu amadya poyang'ana dzina lake kapena kwawo. Alipo Ayao achikhirisitu, alipo amwenye achisilamu amene amadya ng'ombe bwinobwino, aliponso Adiventisiti amene adasiyiratu nyama ya mtundu uliwonse. Funsani pakalata yoyitanira pomwe, ndipo funsani onse mofanana kuti wina asaone ngati mwamuloza chala: "Kodi pali zakudya zimene simudya pa chifukwa cha chipembedzo kapena thanzi?" Ngati mlendo ndi wamkulu, imbirani sekilitale wake. Ambirife timachita manyazi kukana chakudya pamaso pa wotiyitana, choncho funso lofunsidwa mbale zitafika kale limangoyankhidwa kuti "musadandaule, ndadya kale."

Mayankho akabwera, muone kuti malamulowa salemera mofanana. Ena amasankha mbale, ena amasankha nyumba yonse. Mwa anthu athu aja, lamulo losankha nyumba ndi la mayi wa ku Mangochi, ndiye kufufuza kuyambire pamenepo.

Ambiri amaganiza kuti halaali ndi kupewa nkhumba basi, ndiye amayitanitsira mlendo nkhuku n'kumaona ngati nkhani yatha. Koma nkhuku, mbuzi kapena ng'ombe imakhala halaali pokhapokha itazingidwa mwa lamulo la Chisilamu, dzina la Mulungu litatchulidwa ndipo magazi atakhetsedwa. Ngakhale nyama yozingidwa bwinoyo imawonongeka ikawotchedwa pa waya womwe pangochoka nkhumba, kapena ikadulidwa ndi mpeni ndi thabwa lomwelo. Mowa nawo umalowa m'chakudya mwakachetechete. M'mahotela akuluakulu ophika amathira vinyo mumsuzi wa siteki ndi m'zotsekemera zina, ndipo mawu akuti "mowawo umauluka pophika" sakhutiritsa Msilamu wosunga mwambo. Palinso jelatini wa m'mapudingi, amene kawirikawiri amachokera ku zikopa ndi mafupa a nkhumba kapena ng'ombe.

N'chifukwa chake chikwangwani cholembedwa ndi penti pakhomo sichikwanira. Bungwe la Muslim Association of Malawi lili ndi nthambi yoona za halaali imene imapereka satifiketi kwa ogulitsa nyama ndi malo odyera. Pemphani kuiona, ndipo yang'anani zinthu ziwiri: ngati nthawi yake sidathe, komanso ngati ili m'dzina la lesitilantiyo kapena la butchala yomwe amagulako nyama. Kusiyanaku n'kwakukulu. Malo ena amagula nyama ya halaali koma khitchini yomweyo imakazinga bekoni m'mawa, ndipo bala ili pambali. Asilamu ena amavomera kudya nsomba kapena masamba pamalo otero, ena safuna n'kukhala komwe pa tebulo lokhala ndi botolo la mowa. Wodziwa malire ake ndi mlendo mwini, ndiye muuzeni zimene mwapeza asankhe yekha.

Malo opanda nkhumba ndi mowa amathandizanso bambo wa ku Thyolo, koma musafulumire kunena kuti Msilamu ndi Mwadiventisiti amadya zofanana. Amasiyana pa nsomba. Adiventisiti amatsata Levitiko 11, pamene nsomba yololedwa ndi yokhala ndi zipsepse ndi mamba. Chambo chili nazo zonse. Kampango ndi mlamba alibe mamba, choncho sadyedwa, pamodzi ndi nkhanu ndi zina za m'nyanja ya mchere zokhala m'zigoba. Mayi wa ku Mangochi akhoza kudya kampango mosangalala pamene mnzake wakhala duu. Msampha uli pa menyu yongolemba kuti fileti ya nsomba, chifukwa ikakutidwa ndi ufa n'kukazingidwa simungaizindikire ndi maso. Funsani dzina la nsombayo. Kumbukiraninso kuti Adiventisiti ambiri samwa tiyi ndi khofi, ndiye pomaliza pakhale juwisi kapena madzi.

Amene amavutika kwambiri m'malesitilanti athu ndi injiniya uja. Kwa Ahindu ambiri a ku Gujarat, kusadya nyama kumatanthauza kusadya nyama iliyonse, nsomba ngakhalenso mazira, pamene mkaka ndi zopangidwa kuchokera ku mkaka amadya. Mukanena kwa woperekera zakudya kuti mlendo sadya nyama, yankho lomwe timalidziwa tonse ndi lakuti, "Ndiye tiwapatse nkhuku?" Kapenanso amabweretsa mpunga ndi kabichi n'kuthirapo msuzi wa ng'ombe kuti zisaume. Amachita mokoma mtima, koma mbaleyo ndiye yatayika. Zobisika ndi zambiri: timibulu tokometsera ndiwo ta fungo la nkhuku kapena ng'ombe timene ophika amaponya ngakhale mu nyemba, mayonezi wa mu saladi amene ali ndi mazira, dzira la mu mpunga wokazinga, ndi mafuta a tchipisi omwe muviikidwanso soseji. Ngati mlendoyo atakhala wa chipembedzo cha Chijaini, onjezani anyezi, adyo, mbatatesi, karoti ndi zonse zokumbidwa pansi. Pamenepo khitchini imafunika kudziwa dzulo lake, chifukwa anyezi amakhala atalowa kale mumphika uliwonse mmawa.

Ndipo munthu wosadya nyama asapatsidwe zotsalira za mbale za anzake. Mpunga ndi saladi si nkhomaliro. Pafunika nyemba, nandolo, mphodza kapena tchana, chinthu chokhalitsa m'mimba mpaka msonkhano wa masana utatha.

Mukaika zonsezi pamodzi, mu Blantyre, Limbe ndi Lilongwe yankho limakonda kugwera pa lesitilanti ya amwenye yokhala ndi satifiketi ya halaali, chifukwa ophika ake adazolowera kuphika za masamba paokha ndipo funso la mazira silimawadabwitsa. Koma apa mpamene akauntanti wathu ayenera kuchenjera. Misuzi ina ya amwenye, makamaka yoyera ndi yonona ngati koma, amaipanga ndi mtedza wa kashu wopera, ndipo ku malo ophika zachimalawi ngozi ili mu ndiwo zotendera ndi nsinjiro. Vuto lake si la chikhulupiriro. Kachidutswa kochepa kakhoza kumutupitsa milomo ndi kummero mpaka kubanika. Ameneyu amafunika poto ndi supuni zakezake, ndipo mawuwo akafike kwa wophika mwini, osati kuthera kwa woperekera.

Za abwana a shuga n'zosavuta pa zakudya: nsomba kapena nkhuku yowotcha, masamba ambiri, mpunga pang'ono kapena nsima ya mgaiwa ngati ilipo, ndi madzi m'malo mwa zoziziritsa kukhosi za shuga. Chowavuta iwo ndi nthawi. Munthu amene wamwa mankhwala kapena kubaya insulini akudikira chakudya cha 12:30 sangadikire mpaka 2 koloko, chifukwa shuga amatsika, n'kuyamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta. Yitanitsanitu chakudya mmawa ndipo gwirizanani ola lofikira mbale pa tebulo.

Tsiku lija abwana adatchula nalonso lili ndi vuto. Lachisanu masana ndi nthawi ya swala ya Ijuma, imene amuna achisilamu sayenera kuiphonya, ndipo malo ambiri a eni ake achisilamu amatseka kapena kuchepetsa ntchito nthawi imeneyo. Loweruka ndi Sabata, lomwe kwa Adiventisiti limayamba dzuwa likalowa Lachisanu, ndipo sakamba za malonda mpaka litalowanso. Lachiwiri, Lachitatu kapena Lachinayi ndiye masiku opanda chopinga. Yang'ananinso kalendala. Mwezi wa Ramadani umasuntha chaka chilichonse, kubwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11, ndipo mu 2025 udagwa m'Malichi. M'mwezi umenewu wosala sadya kapena kumwa ngakhale madzi kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa, ndiye kumuyitanira nkhomaliro n'kumuzunza. Chitani msonkhano wopanda chakudya, kapena muyitanireni chamadzulo. Akatolika nawo amasala nyama Lachisanu lililonse la Lenti, koma iwo chambo chimawakwanira.

Bufe imaoneka ngati yothetsa zonse poti aliyense amadzitengera yekha. Ine sindiikhulupirira pa tebulo lotere. Supuni ya mu nyama imasamukira mu nyemba pasanathe mphindi khumi, ndipo mbale zambiri sizilembedwa zomwe zili mkati. Kuli bwino mbale zoyitanitsiratu: chambo chowotcha, nkhuku ya halaali, mphodza ndi masamba zophikidwa popanda timibulu tija, chapati ndi mpunga woyera, chilichonse ndi supuni yake, za masamba zitaikidwa mbali imene kwakhala injiniya.

Pitani nokha kumaloko kusanafike tsikulo, cha m'ma 3 koloko masana khitchini itapepuka, mukapemphe kuonana ndi manijala kapena mkulu wa ophika. Mafunso akhale oti sangayankhidwe ndi "eya" yekha: "Achimwene, nyama mumagula kuti? Tchipisi ndi soseji mumakazingira pamodzi? Mu nyembazi mumathiramo chiyani?" Wodziwa ntchito amayankha mosazengereza, mwinanso kukuuzani chimene sangathe. Amene akungoti "zonse zilipo, bwana, musadandaule" musamudalire.

Pa tsikulo, musalengeze pagulu kuti uyu ndi wa shuga, uyo sadya zakutizakuti. Woperekera adziwiretu mpando wa aliyense. Mowa usabwere pa tebulo, ndipo pemphero lotsegulira, lomwe kwathu kuno sitilidumpha, likhoza kukhala la aliyense payekha chamumtima. Ngati pofika madzulo a dzulo lake lesitilanti sidakutsimikizireni mndandanda wa mbalezo pa meseji, sinthani malo nthawi ikadalipo.