Msonkhano Ukasintha Nthawi, Imelo Iziyankhula Mosabisa

Msonkhano wa ogwira ntchito ukachoka Lolemba m'mawa n'kupita Lachitatu masana, mutu wa imelo unene zimenezo, chifukwa ambiri amawerenga pafoni ali m'minibasi ndipo amathera pamutu pomwepo.

M'kati mwake lembani tsiku lakale, tsiku latsopano, ola, chipinda, ndiponso ngati kusinthaku n'kwa sabata ino yokha kapena mpaka kalekale. Mukasiya mfundo yomalizayi, sabata yamawa ena adzabweranso Lolemba.

Pomwe ambiri timalakwitsa ndi pa mawu akuti “malipoti atumizidwe msanga.” Atumize ndani? Lembani kuti, “Akauntanti, chonde tumizani lipoti la ndalama pofika Lachiwiri 12 koloko masana.” Mukaona anthu akukuimbirani kufunsa ngati nawonso akukhudzidwa, imeloyo sinamveke.