Pulopozo ya kafukufuku wa fishing'i imalimba pa njira yoyesera

Ophunzira a zamakompyuta ku MUBAS, MUST, Mzuni kapena ku UNIMA akafika chaka chomaliza, ntchito yolemba kafukufuku imayamba ndi pulopozo, chikalata chofotokozera supavaiza zomwe mukufuna kufufuza ndi momwe mudzachitire. Mutu umodzi wokopa masiku ano ndi wa fishing'i. Uku ndi kuba kodzera m'mauthenga: wakuba amatumiza imelo, SMS kapena uthenga wa pa WhatsApp ngati wochokera kubanki kapena kwa kasitomala, kuti wolandira adine linki, aulule nambala yachinsinsi, kapena atumize ndalama kolakwika. Mutuwu ndi wabwino, koma pulopozo yake imagwa msanga ngati wolemba sanena bwino chomwe adzayese.

Choyamba ndi kuuchepetsa mutuwo. "Kudziwa za fishing'i m'mabizinesi ang'onoang'ono m'Malawi" sangathe munthu mmodzi m'miyezi yochepa. Nenani anthu ake, malo ake ndi njira ya uthenga. Mwachitsanzo: luso lozindikira mauthenga achinyengo a pa foni ndi pa imelo mwa ogwira ntchito yolandira ndi kulipira ndalama m'mashopu a hadiweya ku Limbe. Munenenso kuti "bizinesi yaing'ono" mukutanthauza yotani. Mfundo za boma za mabizinesi ang'onoang'ono zimaika ya antchito 5 mpaka 20 m'gulu limeneli, ndipo kutsatira tanthauzo lodziwika kumakupulumutsani ku mafunso a oyesa mayeso.

Gawo lofotokoza vuto lisakhale ulaliki wa kuopsa kwa intaneti. Lionetse mpata womwe ulipo. Kampani yaikulu imakhala ndi anthu a zamakompyuta osefa maimelo, pamene pa hadiweya foni imodzi imagwiridwa ndi anthu atatu, ndipo wowerengera ndalama ndi yemweyo woyankha makasitomala. Kuchokera pamenepa tulutsani mafunso osapitirira atatu. Kodi antchito amasiyanitsa bwino motani uthenga weniweni ndi wabodza? Amayang'ana zizindikiro ziti? Akakayikira amauza ndani? Funso lililonse likhale ndi cholinga chake ndi chida chake choliyankhira. Funso lopanda chida lichotseni.

Pa zolemba za ena sindichedwapo. Musandandalike mabuku ngati dzina ndi dzina. Sonyezani momwe ena anayesera ndi pomwe njira zawo zikulephera kuno. Mutha kutchula HAIS-Q, mndandanda wa mafunso 63 wopangidwa ku Australia, woyesa zomwe munthu akudziwa, maganizo ake ndi zomwe akuti amachita. Unalembedwera antchito a m'maofesi okhala pakompyuta, kotero wa pakauntala wogwira ntchito ndi foni yokha mafunso ena samukhudza. Tchulaninso malamulo athu: la 2016 la zochitika pa intaneti ndi chitetezo chake, komanso la 2024 loteteza mbiri za anthu.

Tsopano gawo la njira, lomwe ndiye mutu wa nkhani. Kulakwa kofala ndi kufunsa kuti, "Kodi mumatha kuzindikira uthenga wachinyengo?" Ndani angavomere pamaso pa mlendo kuti ndi wosavuta kupusitsa? Yankho lake limayesa kudzidalira, osati luso. Njira yabwinoko ndi kumuonetsa munthu zithunzi za mauthenga, iye n'kumanena uwu ndi weniweni, uwu ndi wabodza, n'kupereka chifukwa.

Tiyeni tiike mauthenga 20, abodza 10 ndi enieni 10. Wina wabodza ukhale wa "sapulaya" wonena kuti wasintha akaunti ya kubanki, ndalama za simenti zipite kwatsopanoko lero lomwe. Dzina pamwamba likuoneka lodziwika, koma adiresi yake ili chonchi:

```
accounts@sapulaya-payments.example
```

pamene ya masiku onse ndi `accounts@sapulaya.example`. Wina ukhale SMS yoti ndalama zalowa molakwika, zibwezedwe, koma yochokera pa nambala wamba ya foni m'malo mwa dzina la kampani. Mauthengawo asakanizeni Chichewa ndi Chingerezi monga momwe amabwerera.

Enieniwo ndi ofunika chifukwa ichi. Wantchito woyamba, poopa kuyaluka, akunena kuti onse 20 ndi abodza. Wagwira abodza onse 10, ndipo mukawerenga abodza okha ndiye katswiri. Komatu wakananso enieni onse 10. Pashopu ameneyu angabweze makasitomala. Wachiwiri wagwira abodza 8, wakana weniweni umodzi wokha. Iyeyu ndiye akusiyanitsa, ngakhale waphonya awiri. Choncho pulopozo inene poyera kuti munthu aliyense adzakhala ndi manambala awiri: abodza omwe wagwira, ndi enieni omwe wakana molakwa. Njira imeneyi ili ndi malire ake, ndipo muwalembe nokha oyesa asanakufunseni: munthu wodziwa kuti akuyesedwa amachenjera kuposa Lachisanu madzulo pamene makasitomala adzaza pakauntala. Zotsatira zanu zidzaonetsa luso lake atadekha.

Ena amafuna kutumiza mauthenga abodza mwakabisira, pogwiritsa ntchito pulogalamu ngati Gophish, kuti aone odina. Kwa wophunzira wa digiri yoyamba ine sindivomereza. Ku yunivesite ya Indiana ku America anayesapo zimenezi mu 2005, ali ndi chilolezo. Ophunzira 72 mwa 100 aliwonse anapereka pasiwedi uthenga utaoneka ngati wochokera kwa mnzawo, poyerekeza ndi 16 pamene unachokera kwa mlendo, koma ena anakwiya atadziwa. Pashopu ya anthu asanu ndi mmodzi bwana sangavutike kudziwa yemwe wadina, ndipo munthu atha kuchotsedwa ntchito chifukwa cha digiri yanu. Kugwiritsa ntchito dzina la banki yeniyeni popanda chilolezo nako kungakulowetseni m'milandu.

Chiwerengero cha anthu chikhale chotheka. Anthu 60 m'mashopu 15 mutha kuwafikira pa minibasi. Koma dziwani kuti ndi anthu 60, ngakhale mutawasankha mwachisawawa, peresenti yomwe mwapeza itha kusuntha ndi pafupifupi 13 kupita uku kapena uko. Ndiponso anayi a shopu imodzi amachenjezana, sali ngati anayi osadziwana. Musalonjeze zonena za Malawi yense. Lonjezani za mashopu amenewo, ndipo muonjezepo kucheza mozama ndi anthu 8 kapena 10 kuti mumve chifukwa chomwe amakhulupirira uthenga wina. Musanayambe, yesani zithunzizo pa anthu asanu omwe sadzakhala nawo m'kafukufuku. Uthenga womwe onse aupeza mosavuta sukuyesa kanthu, usintheni.

Gawo la chilolezo lilembeni mwatsatanetsatane. Kuvomera kwa mwini shopu si kuvomera kwa wantchito. Aliyense asayine yekha, bwana kulibe, ndipo akhale ndi ufulu wokana. Papepala pakhale nambala m'malo mwa dzina. Musafunse pasiwedi kapena nambala yachinsinsi ya munthu, ngakhale mongoyesa. Mukamaliza, mufotokozereni munthuyo mayankho olondola.

Pomaliza pamabwera ndandanda ya nthawi ndi bajeti: thiransipoti, kusindikiza, mayunitsi. Pa ndandandayo ikani masabata odikira komiti yoona za chilolezo cha kafukufuku pasukulu panu, chifukwa simungafunse munthu ngakhale mmodzi isanavomereze. Mukamapita kwa supavaiza, tengani zithunzi za mauthenga 20 aja ndi fomu yosayina zitakonzeka kale, muziike kumapeto kwa pulopozo.