Mfumu ikaponya mwambi, womasulira atani?

Dr. Hastings Kamuzu Banda atatera pabwalo la ndege la Chileka pa 6 Julayi 1958, anali atakhala kunja kwa dziko lino zaka zoposa 40. Kuyambira pamenepo mpaka kutha kwa ulamuliro wawo mu 1994, pamisonkhano ankalankhula Chingerezi, wina n'kumamasulira m'Chichewa. Ntchitoyi anaigwira nthawi yaitali a John Msonthi, kenako a John Tembo. Sinali ntchito yogona nayo tulo, chifukwa mwini mawu ankachimva Chichewa ndipo ankatha kumukonza womasulira pamaso pa khwimbi la anthu.

Masiku ano womasulira saimanso pambali pa Ngwazi, koma ntchito yake ikadalipo. Chichewa chinasankhidwa kukhala chilankhulo cha dziko mu 1968, pomwe Chingerezi chinakhalabe cha boma, cha makhoti ndi cha Nyumba ya Malamulo. N'chifukwa chake pamwambo wotsegulira sukulu, pamaliro a munthu wodziwika, kapena kutchalitchi kukabwera mlaliki wakunja, pamaima anthu awiri kutsogolo. Mawu wamba savuta kwenikweni. Thukuta limatuluka pamene wolankhula wasiya njira yowongoka n'kuponya mwambi kapena chining'a.

Tiyerekeze mwambo wopereka mjigo m'mudzi wina. Pagome lapamwamba pakhala mayi wochokera kunja woimira bungwe lomwe lakumba mjigowo, a gulupu, a khansala ndi alangizi a zaumoyo. Womasulira ndi mphunzitsi wa pasukulu yoyandikana nayo, yemwe wangouzidwa m'mawa womwewo. A gulupu aimirira, apereka ulemu kwa onse monga mwa mipando yawo, kenako atembenukira kwa mayi uja n'kunena kuti: "Mayi, makolo athu ankati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa."

Amayi aimba nthungululu. Onse amva kuti mfumu yayamikira: vuto lomwe linakanika eni mudzi, wobwera ndiye walithetsa. Koma mphunzitsi akangotembenuza liwu ndi liwu, mayiyo amva kuti anthu obwera amayenda ndi lezala wakuthwa. M'khutu la munthu wa ku Ulaya kapena ku Amereka, munthu wosamudziwa wonyamula chida chakuthwa ndi chigawenga. Chiyamiko chija chifika kwa iye ngati chenjezo, ndipo adzamwetulira mwamantha osadziwa chimene chasangalatsa amayi.

Apa womasulira wodziwa ntchito sayamba ndi kufunsa kuti mawuwa akutanthauza chiyani. Amayamba ndi kufunsa kuti mfumuyi ikuchita chiyani ndi mwambiwu: ikuthokoza, ikudzudzula, ikupempha, kapena ikufewetsa nkhani yowawa? Poti apa ikuthokoza, chiyamikocho ndicho chiyenera kufika choyamba. M'Chingerezi anganene kuti mfumu yanena mwambi wa makolo woti mlendo ndi amene amabweretsa chipangizo chomwe mudzi unkasowa, ndipo lero mlendoyo ndi inu. Kalumo kasowa, ndipo n'zomvetsa chisoni pang'ono, poti kalumo kamene kankameta ndi kutema mphini kanali ndi malo ake m'moyo wa m'mudzi. Koma mayiyo wamva kuti walemekezedwa, ndipo wamvanso kuti ulemuwo wadzera m'mawu a makolo. Kachiganizo kakuti "pali mwambi wathu woti" n'kofunika zedi, chifukwa kamauza mlendo kuti asayeze mawuwo ngati nkhani yeniyeni.

A gulupu apitiriza, tsopano akuyang'ana anthu awo: "Koma abale anga, walira mvula walira matope."

Pano pali msampha wina, ndipo umakola makamaka anthu odziwa bwino Chingerezi. M'mutu mwa mphunzitsi mubwera msanga mwambi wa Angerezi woti duwa lokongola silisowa minga, ndipo mtima umuuza kuti wapeza mnzake weniweni. Aunena, mlendo agwedeza mutu. Koma a gulupu sanathane nawo matope aja. "Matope ake ndi awa," akutero. "Khomo lililonse lizisonkha kangachepe mwezi ndi mwezi, kuti timphira ta mumjigomu tikatha komiti isamakagwade kwa alendo. Amene akuopa matope abwerere kudambo." Anthu aseka. Mphunzitsi uja tsopano ali ndi duwa ndi minga m'manja, pomwe mfumu ikuyenda m'matope, ndipo nthabwala ya kudambo ilibe pogwira.

Olankhula aluso, mafumu ndi alaliki makamaka, samangoponya mwambi n'kuusiya. Amaubwerera, kuutambasula, mwina mpaka kumapeto kwa zolankhula zawo. Choncho chithunzi chikakhala choti munthu wa kulikonse angachione, n'kwanzeru kuchisunga momwe chilili. Mvula ndi matope zili padziko lonse. Amene wapempha mvula wapemphanso matope: mlendo amva, ndipo mwina adzaukumbukira mwambiwo kuposa china chilichonse chimene chanenedwa tsikulo. Kusinthanitsa mwambi ndi mwambi kumakoma m'khutu, koma n'kubetcha kuti wolankhula sabwereranso pa chithunzi chake.

Ngakhale miyambi yooneka ngati mapasa siifanana kwenikweni. Ana asukulu ambiri anaphunzira kuti "mutu umodzi susenza denga" ndi chimodzimodzi ndi mawu a Angerezi oti mitu iwiri iposa umodzi. Pamene akukamba za kupangana nzeru, zimayenda. Koma mutu wa Angereziwo ndi woganiza, pomwe wathuwu ndi wosenza. Aliyense amene anaonapo amuna akukweza denga la nkhokwe amadziwa kuti pamafunika mapewa ndi makosi, osati maganizo okha. Mfumu ikamaitanira anthu kukaumba njerwa, mawu a Chingerezi oyandikira ndi aja onena kuti manja ambiri amapeputsa ntchito.

Chovuta kwambiri chikubwera kumapeto. A gulupu atsitsa mawu, amwetulira, n'kunena kuti: "Tathokoza madzi. Koma paja wamva m'mimba…" Asiyira pomwepo, ndipo bwalo lonse limaliza limodzi: "…ndiye atsekula chitseko!" Kenako atchula za chipatala chomwe chili kutali.

Mphunzitsi ali ndi mavuto atatu pakamodzi. Mwambi wanenedwa theka, ndipo mphamvu yake yagona pa kuyankha kwa anthu, chinthu chimene mlendo sangachite. Chithunzi chake ndi cha munthu amene m'mimba mwamuvuta usiku, nkhani yomwe pa Chichewa imaseketsa popanda kuchotsa ulemu, koma m'Chingerezi cha pamwambo imamveka yosayenera pagome la alendo. Ndipo pansi pa nthabwalayo pali pempho lenileni. Mfumu sipempha ngati mwana. Yadzera m'mwambi kuti ipemphe osataya ulemu wake, komanso kuti mlendo akakana pasakhale wochita manyazi. Womasulira akanena mosabisa kuti amfumu akufuna chipatala, wavula mfumu mkanjo. Akangoti amfumu anena nthabwala, pempho lafera m'njira. Chimene angachite ndi kunena kuti mfumu yayamba mwambi ndipo anthu aumaliza, woti amene akumva ululu ndiye amadzuka kukatsegula chitseko, choncho mfumu ikupepesa kuti iyenera kutchula yokha vuto lina. Ululu walowa m'malo mwa m'mimba, chitseko chatsala, ndipo mlendo wadziwa chifukwa chake anthu anayankha pamodzi.

Tsopano aimirira mayi uja, pepala lili m'manja. Chingerezi cha m'maofesi chili ndi zining'a zambiri zimene eni ake saziona n'komwe kuti ndi zining'a. Anena kuti sakufuna mjigowu udzakhale njovu yoyera. Kwa iye, njovu yoyera ndi chinthu chodya ndalama zambiri koma chopanda phindu, mawu ochokera ku nkhani za mafumu a ku Siam, dziko lomwe lero ndi Thailand. Kwa munthu wa ku Liwonde kapena ku Kasungu, njovu ndi chilombo chomwe chimatha chimanga m'munda usiku umodzi. Apa palibe chosunga; womasulira angoti mjigowu usadzakhale chokongoletsa mudzi anthu akumwabe madzi a m'chitsime. Akanena kuti mpira tsopano uli m'bwalo lanu, mawu ochokera ku masewero a tenesi, Chichewa chake n'chachifupi: zatsala kwa inu. Akati komiti ikoke masokosi, ndiye kuti ivale zilimbe.

Pali chiyeso china pomasulira kupita m'Chichewa, ndipo omasulira okondedwa ndi anthu ndiwo amagwamo kawirikawiri: kuthira mwambi pomwe mwini mawu sanaikepo. Mayi uja akati anthu azifunsa alangizi mjigo ukavuta, pakamwa pamayabwa kuti "safunsa anadya phula". Anthu aombadi m'manja. Koma mwambi pa Chichewa uli ndi mwini wake. Umatsika kuchokera kwa wamkulu kupita kwa wamng'ono, ndipo mlendo wachitsikana akamveka akuuponya kwa a gulupu ndi nduna zawo, ena anyinyirika chamumtima kuti mwanayu akutilangiza ngati ndani. Womasulira wamuika mlendo pampando umene sanaupemphe. Mwambi woonjezera umakhala bwino pothokoza ndi pogwirizanitsa anthu. Podzudzula ndi bwino kuusiya.

Kodi munthu angadziwe bwanji kuti zasokonekera? Nkhope zimanena. Mbali imodzi ikaseka ina ili duu, china chake chatayika. Mlendo akayankha chithunzi m'malo mwa nkhani, mwachitsanzo kulonjeza kuti bungwe lake liona za ngalande chifukwa wamva za matope, ndiye kuti mwambi unafika ngati dandaulo. Nayonso nthawi imaulula: mfumu ikalankhula mawu asanu womasulira n'kutha mphindi yathunthu akufotokoza, mwambo wasanduka kalasi, ndipo wolankhula amataya liwiro lake. Kufotokoza mwambi kusapitirire chiganizo chimodzi.

Zambiri mwa izi zimakonzeka mwambo usanayambe. Alendo ndi akuluakulu a boma nthawi zambiri amakhala atalemba zolankhula zawo, ndipo womasulira ali ndi ufulu wopempha pepalalo dzulo lake, kulemba mzere kunsi kwa chining'a chilichonse, n'kufunsa mwini wake chimene akufuna kunena. Mafumu salemba, koma kucheza nawo mphindi zochepa pansi pa mtengo kumathandiza kudziwa ngati abwera kudzathokoza kokha kapena ali ndi pempho m'thumba. Mabuku aliponso: Nzeru za Kale la Stevenson Kumakanga, lomwe ambiri analiwerenga kusukulu, ndi buku la miyambi 2,000 ya Chinyanja limene Bambo Joseph Chakanza anatulutsa m'chaka cha 2000, lomwe limapereka matanthauzo ake m'Chingerezi. Buku limapereka tanthauzo la mwambi uli pawokha, koma silingauze mphunzitsi uja ngati a gulupu akuseka kapena akuluma. Ndipo mwambi ukakhala wachilendo kwa iye, monga zimachitikira munthu wa ku Nsanje akamamasulira mfumu ya ku Dowa, palibe cholakwa kuweramira kwa mwini wake n'kunong'ona kuti, "Pepani Gogo, mwati bwanji pamenepa?"